Dzino lobooka kapena thumba la mafinya?

Kadontho kakuda pa dzino la chibwano kakhoza kungokhala banga la tiyi kapena fodya. Koma pakakhala kadzenje komwe chakudya chimakodwamo, dzino n’kumanyerenyetsa pomwa madzi ozizira kenako n’kuleka msanga, ndiye kuti labooka. Dokotala akhoza kulimata.

Thumba la mafinya limabwera tizilombo tikafika mkati, pamene pali mitsempha. Ululu wake umagunda ngati ng’oma, umasowetsa tulo, ndipo kuluma kumapweteka. Nthawi zina pankhama pamatuluka kachithupsa. Kakaphulika ululu umachepa, ambiri n’kumati achira, chonsecho matenda akadalimo.

Tsaya likatupa, thupi likatentha, kapena kumeza kukavuta, wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo.