Mmene galu amaphunzirira kusaka fungo

Galu akamanunkhiza amakoka mpweya pafupifupi kasanu pa sekondi imodzi, ndipo mpweyawo ukalowa m'mphuno umagawika pawiri. Wambiri umapita kumapapo. Wochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8, umapatukira m'kachipinda kamene kali kumapeto kwa mphuno, chakufupi ndi maso, komwe ntchito yake ndi kununkhiza basi. Munthu alibe kachipinda kotere. Mpweya umene amapuma ndi womwewo umene amanunkhizira, ndipo akautulutsa fungo limatuluka nawo.

M'kachipindamo muli timafupa topyapyala topindikapindika, tokutidwa ndi kakhungu konyowa ndi mamina. Tizidutswa ta fungo timasungunuka m'maminawo, kenako timagwidwa ndi maselo amene amatumiza uthenga ku ubongo. Kakhunguka mwa munthu n'kakang'ono ngati sitampa ya pa kalata, pomwe ka galu wamkulu katatambasulidwa kangafanane ndi kampango ka m'thumba. Maselo ogwira fungo mwa munthu alipo mamiliyoni ochepa chabe, koma mwa galu wa mtundu umene apolisi amakonda kugwiritsa ntchito amapitirira 200 miliyoni.

Potulutsa mpweya, galu amaudutsitsa m'timing'alu tam'mbali mwa mphuno, timene aliyense angatione atayang'anitsitsa galu wa pakhomo. Mpweyawo umapita cham'mbali ndi cham'mbuyo, motero suuluza fungo limene lili kutsogolo, ndiponso umathandiza kukokera mpweya watsopano kumphuno. Bowo lililonse la mphuno limakoka mpweya wa mbali yake, ndipo ubongo umayerekeza mbali ziwirizo kuti udziwe kumene fungo likuchokera. N'chifukwa chake galu wosaka amayenda mokhotakhota: akatuluka m'njira ya fungo amatembenuka n'kulowamonso, mpaka atafika pamene layambira.

Zonsezi galu amabadwa nazo, ngakhale wa m'mudzi wothamangitsa akalulu, choncho palibe amene amaphunzitsa galu kununkhiza. Zimene amaphunzitsidwa ndi ziwiri: fungo limene lili ndi malipiro pakati pa mafungo ambirimbiri amene akumva, ndi njira youzira munthu kuti walipeza.

Ntchito imayamba ndi kusankha galu. Ophunzitsa safuna galu wofatsa. Amafuna wopenga ndi mpira, amene mpirawo ukaponyedwa m'udzu wautali sasiya kuufunafuna ngakhale patapita nthawi. Agalu oterewa amakhala ovuta kuweta pakhomo, ndipo ena mwa agalu amene amagwira ntchito yoteteza nyama zakutchire anatengedwa kumalo osungirako agalu otayidwa ndi eni ake chifukwa cha khalidwe lomwelo.

Galu wofufuza minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka ndi chitsanzo chabwino, popeza agalu otere akugwira ntchito ku Malawi ndi ku Zambia. Ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya South Luangwa, anayamba mu 2014, ndipo ku Lilongwe apolisi, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi bungwe la Lilongwe Wildlife Trust amagwiritsa ntchito agalu pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi m'misewu.

Poyamba wophunzitsa amaika kachidutswa ka mnyanga m'chitini chobooledwa pamwamba. Galu akangoika mphuno pachitinicho, wophunzitsa amaliza kachida kolira kuti "kli", kapena kutchula liwu limodzi losasintha, n'kumupatsa mpira. Chizindikirocho chiyenera kumveka nthawi yomweyo. Chikachedwa ndi masekondi awiri, galu amakhala atatembenuza kale mutu, ndipo amaganiza kuti akulipidwa chifukwa choyang'ana munthu. Zikabwerezedwa kambirimbiri, fungo la mnyanga limayamba kutanthauza mpira m'mutu mwake.

Kenako zitini zimachuluka n'kuikidwa pamzere. Chimodzi chili ndi mnyanga, zina n'zopanda kanthu, zina zili ndi fupa la ng'ombe, nsomba zouma kapena sopo. Galu akaima pa nsomba samenyedwa kapena kukalipiridwa. Amangomanidwa mpira, ndipo yekha amapita patsogolo. Apa m'pamenenso amaphunzira kukhala pansi kapena kuima nji, mphuno italoza pamene pali fungo. Kukanda ndi kuluma kumaletsedwa chifukwa kumawononga katundu wa anthu ndi umboni wa kukhoti, ndipo kwa galu wofufuza mabomba kungathe kupha. Akazolowera zitini, mnyanga umabisidwa m'masutikesi, pansi pa mipando ya galimoto ndi m'matumba a makala. Fungo loyamba ndi limene limatenga nthawi. Lachiwiri ndi lachitatu amaligwira msanga, popeza masewerawo amakhala atawadziwa.

Vuto lalikulu n'lakuti galu amaphunzira chilichonse chimene chimabwera limodzi ndi mpira, kaya wophunzitsa amafuna kapena ayi. Ngati mnyanga umasungidwa m'jumbo nthawi zonse, galu akhoza kuphunzira fungo la jumbo. Ngati munthu mmodzi yekha ndiye amaubisa ndi manja ake, galu amayamba kusaka thukuta la munthuyo. Njira yodziwira ndi yosavuta: m'chitini china muikidwe jumbo yopanda kanthu, kapena chinthu chimene munthuyo wagwira. Galu akakhala pansi pamenepo, ndiye kuti anaphunzira zolakwika. Pofuna kupewa zimenezi ophunzitsa amavala magolovesi, amagwira zitini zonse mofanana, ndipo amasinthasintha minyanga, yakale ndi yatsopano, yosema ndi yosasema, kuti galu adziwe mnyanga wa mtundu uliwonse osati chidutswa chimodzi chokha.

Chovuta kwambiri kuchichotsa ndi munthu wogwira chingwe. Mu 2011, Lisa Lit ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Davis anasindikiza zotsatira za mayeso a agalu 18 ofufuza mankhwala ozunguza bongo ndi mabomba, aliyense ndi womuyendetsa wake. Oyendetsawo anauzidwa kuti m'zipinda mwabisidwa fungo, ndipo kuti malo ena aikidwa pepala lofiira ngati chizindikiro. Zoona zake, munalibe mankhwala kapena bomba m'chipinda chilichonse. Pa maulendo 144 ofufuza, oyendetsa ananena ka 225 kuti galu wapeza kanthu, ndipo malo a pepala lofiira ndi amene anatchulidwa kwambiri, kuposa pamene panabisidwa masoseji ndi mipira popanda chizindikiro. Pepalalo linali ndi tanthauzo kwa munthu yekha. Munthu akamayembekezera kanthu amachepetsa liwiro, amayang'anitsitsa, amakoka chingwe pang'ono mosazindikira, ndipo galu amene moyo wake wonse wakhala akuwerenga thupi la munthuyo amakhala pansi. Choncho mayeso odalirika ndi amene woyendetsa sadziwa pamene pabisidwa chinthu, ndipo maulendo ena pamakhala popanda chobisidwa chilichonse, kuti galu azolowere kuti kusapeza kanthu si kulakwa.

Thupi nalo lili ndi malire. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amadziziziritsa popuma wefuwefu kukamwa, ndipo akamatero mpweya wochepa ndi umene umadutsa m'mphuno. Kukatentha ngati mmene kumachitira ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala, galu wotopa akhoza kudutsa pa mnyanga osaumva. Oyendetsa amamugwiritsa ntchito kwa mphindi 20 kapena 30, kenako amamupumitsa pamthunzi ndi kumupatsa madzi. Pa ntchito yeniyeni pamathanso kupita masiku osapeza kanthu, ndipo galu wosalandira mpira amagwa ulesi. Choncho woyendetsa amapempha mnzake kuti nthawi ndi nthawi azibisa kachidutswa ka mnyanga wophunzitsira pakati pa katundu, kuti galu apeze, alandire mpira wake, n'kupitiriza kusaka.