Kuwerenga Chithunzi cha Kayendedwe ka Magetsi

Chithunzi cha kayendedwe ka magetsi, chimene amisiri amachitchula kuti seketi, sichisonyeza maonekedwe a zipangizo kapena malo pamene zipangizozo zaikidwa. Chimangosonyeza kuti chipangizo chilichonse chalumikizidwa ndi chiti. Tochi ndi yaitali ndiponso yobulungira, koma papepala imajambulidwa ngati bokosi la ngodya zinayi lokhala ndi zizindikiro zitatu: mabatire, swichi ndi babu. Mzere wowongoka umaimira waya, ndipo kutalika kwa mzerewo sikunena chilichonse za kutalika kwa waya weniweni.

Kuwerenga kumayambira pamene magetsi akuchokera. Batire imodzi imajambulidwa ndi mizere iwiri yoyandikana, wina wautali wina waufupi. Wautali ndi mbali ya +, waufupi ndi mbali ya −. Mizere yotereyi ikabwerezedwa, ndiye kuti mabatire ndi angapo olumikizana. Swichi ndi mzere wodukiza umene kachidutswa kake katukuka ngati chitseko chotsekulidwa pang'ono. Kachidutswako kakakhala kotukuka, magetsi sadutsa. Babu ndi kamzere kozungulira kokhala ndi mtanda mkati mwake.

Chipangizo chochepetsa kuyenda kwa magetsi, chotchedwa rezisita, chili ndi zizindikiro ziwiri. Mabuku otsatira kalembedwe ka ku Ulaya amajambula kabokosi kakatali, pamene a ku Amereka amajambula mzere wokhotakhota ngati mano a sowo. Fyuzi kawirikawiri ndi kabokosi komweko, koma mzere wapyoza pakati pake. Zipangizo zoyezera zimadziwika ndi chilembo chimene chili mkati mwa kamzere kozungulira: A ndi choyezera kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, V ndi choyezera mphamvu yowakankha.

Chizindikiro chaching'ono kuposa zonse ndi kadontho, koma ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mizere iwiri ikapingasana ndipo pali kadontho kakuda, mawaya amenewo ndi olumikizana. Ikapingasana popanda kadontho, waya wina wangodutsa pamwamba pa mnzake osakhudzana. Zithunzi zina zakale zimajambula kamlatho pamalo otere. Malo amene mawaya atatu kapena kuposa apo akumana ndi mphambano, ndipo mphambanozi ndi zimene zimasiyanitsa malumikizidwe awiri aakulu.

Njira yodalirika ndi kulondola ndi chala. Wowerenga amaika chala pa + wa batire, n'kutsata mzere mpaka atabwerera pa −. Chala chikadutsa zipangizo ziwiri motsatizana popanda kukumana ndi mphambano pakati pake, zipangizozo zalumikizidwa mondondozana, kapena kuti siirizi. Njira ndi imodzi, choncho magetsi onse odutsa m'chipangizo choyamba ayenera kudutsanso m'chachiwiri. Koma chala chikafika pa mphambano pamene pali njira ziwiri, ndipo njirazo n'kukakumananso pa mphambano ina kutsogolo, ndiye kuti zalumikizidwa mwa nthambi, kapena kuti palalelo. Zipangizo ziwiri zimakhala pa nthambi pokhapokha ngati mbali zawo zonse ziwiri zalumikizana: mutu ndi mutu, mchira ndi mchira.

Maso okha amanamiza pa nkhani imeneyi. Marezisita awiri akhoza kujambulidwa moyandikana, wina pamwamba wina pansi, n'kumaoneka ngati nthambi, chonsecho waya wangokhota kuchoka pa woyamba kupita pa wachiwiri popanda mphambano. Amenewo ndi ondondozana. Ena akhoza kujambulidwa motalikirana, wina kumanzere wina kumanja kwa pepala, koma mbali zawo zonse n'kuthera pa mawaya awiri omwewo. Amenewo ali pa nthambi.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino ndi manambala. Mphamvu yokankha magetsi imayezedwa ndi mavoloti, kuchuluka kwa magetsi oyenda kumayezedwa ndi maampeya, ndipo kutchinga kwa rezisita kumayezedwa ndi maomu. Zitatuzi zimagwirizana mwa lamulo la Ohm, I = V ÷ R, kutanthauza kuti maampeya amapezeka pogawa mavoloti ndi maomu.

Chithunzi china chikhoza kukhala ndi batire ya mavoloti 12, yofanana ndi ya galimoto kapena ya sola, ndi marezisita awiri, wina wa maomu 4 wina wa maomu 8. Akakhala ondondozana, maomu amangophatikizidwa n'kukhala 12. Kugawa mavoloti 12 ndi maomu 12 kumapereka ampeya imodzi, ndipo ampeya imodzi yomweyo imadutsa m'marezisita onse awiri. Chimene amagawana ndi mavoloti: wa maomu 4 amatenga mavoloti 4, wa maomu 8 amatenga mavoloti 8, ndipo pamodzi akwana 12 a batire aja.

Marezisita omwewo akaikidwa pa nthambi, zinthu zimatembenuka. Aliyense amalandira mavoloti 12 athunthu, chifukwa mbali zake zonse zafika pa batire mwachindunji. M'nthambi ya maomu 4 mumadutsa maampeya 3, m'nthambi ya maomu 8 mumadutsa ampeya imodzi ndi theka. Batire imatulutsa maampeya 4.5, kuposa kanayi zimene imatulutsa poyamba paja, choncho imatha msanga. Kutchinga kwa nthambi ziwirizo pamodzi kumatsika kufika pafupifupi maomu 2.7. Apa pali njira yodziwira ngati masamu alakwika: yankho la nthambi liyenera kuchepera rezisita wamng'ono kwambiri pa onsewo. Amene wapeza nambala yoposa 4 wasokoneza penapake.

Zimenezi zimafotokoza zinthu zodziwika za tsiku ndi tsiku. Mabatire awiri a mavoloti 1.5 m'tochi amandondozana, + wa ina kukhudza − wa inzake, ndipo amapereka mavoloti 3. Mabatire awiri a sola a mavoloti 12 akandondozana amapereka 24, koma akakhala pa nthambi amapereka 12 omwewo kwa nthawi yotalikirapo. M'nyumba yokhala ndi magetsi a ESCOM, mababu ndi masoketi amakhala pa nthambi kuti chilichonse chilandire mavoloti pafupifupi 230. N'chifukwa chake babu la kuchipinda likapsa, la pabalaza limayakabe. Akanakhala ondondozana, babu limodzi likapsa nyumba yonse ikanada.

Zithunzi zambiri zimasakaniza malumikizidwe onse awiri. Fyuzi ndi swichi zimandondozana ndi chimene zikuteteza kapena kuyatsa, chifukwa ntchito yake ndi kudula njira. Swichi yojambulidwa mphambano isanafike imazimitsa nthambi zonse, pamene yojambulidwa m'nthambi imodzi imazimitsa nthambi yokhayo. Choyezera cha A chimandondozananso ndi chipangizo, pamene cha V chimaikidwa ngati nthambi, kukhudza mbali ziwiri za chipangizocho. Choyezera cha A sichitchinga magetsi kwenikweni, ndiye chikaikidwa molakwika pakati pa + ndi − wa batire, fyuzi yake imapsa kapena choyezeracho chimawonongeka.

Vuto lomweli likhoza kuonekera pachithunzi mawaya asanalumikizidwe. Ngati chala chingachoke pa + n'kufika pa − kudzera m'mizere ndi maswichi okhaokha, osadutsa babu, rezisita kapena chipangizo china chogwiritsa ntchito magetsi, pamenepo pali shoti. Magetsi ochuluka kwambiri amathamangira njira imeneyo, waya amatentha, ndipo ngati palibe fyuzi moto ukhoza kubuka.