Lichero la perekaniperekani ndi nsalu ya ukwati

Pa ukwati uliwonse mu Mzuzu, kaya phwando lachitikira m'holo ya ku Katoto kaya pabwalo la tchalitchi ku Chibavi, lichero silisowa. Akwati amaligwira pa perekaniperekani, anthu akuvina n'kumaponyamo ndalama, ndipo limalowa m'zithunzi zambiri za tsikulo. Gulu la amayi aluso lomwe likufuna poyambira liyambire apa, chifukwa wogula alipo kale. Komiti ya ukwati imafuna malichero angapo, ndipo ena amafunikanso ku chinkhoswe ndi ku phwando lolangiza mkwatibwi.

Chimene chimagulitsa lichero lotere ndi nsalu yake. Mabanja ambiri amasankha chitenje chimodzi choti achibale onse asoketse, ndiye gulu lipemphe nsalu yomweyo kwa akomiti, kapena likagule yofanana nayo ku msika wa Taifa, komwe zitenje zochokera ku Tanzania zimapezeka zambiri. Kusokeratu katundu osadziwa mtundu wa ukwati n'kutsekera ndalama m'kabati, chifukwa mkwatibwi amene wasankha buluu satenga lichero lofiira ngakhale mutatsitsa mtengo.

Tiyeni tiwerengere mpukutu umodzi wa mayadi 6, womwe umadulidwa zitenje zitatu. Chitenje chimodzi chimatalika pafupifupi masentimita 180, mulifupi 115. Lichero la masentimita 40 kukamwa limafuna nsalu yodulidwa mozungulira ya masentimita 55, kuti itsike m'kati ndi kutsalako yopindira m'mphepete. Chitenje chimodzi chimakwanira malichero 6. Ziwiri zotsalazo mungasoke timatumba tokhala ndi chingwe kukamwa: kansalu ka masentimita 20 ndi 40 kakapindidwa pakati kamatulutsa kathumba kamodzi, ndipo chitenje chilichonse chimapereka timatumba 20. M'timatumbati mumalowa khofi wa Mzuzu kapena mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga, mphatso yoyenera ankhoswe ndi alendo ochokera kutali. Khofiyo akhale m'pepala lake lomata, apo ayi fungo limathera m'nsalu.

Koma timatumba timadya nthawi. Kusoka 40 ndi kulowetsa zingwe ndi ntchito yaikulu kuposa kuveka malichero 6, pamene munthu safuna kulipira zambiri pa kanthu kakang'ono. Nzeru ndi kutchula mtengo umodzi wa zonse pamodzi, ndi kulandiriratu theka musanadule nsalu.

Povuta kwenikweni ndi pa lichero lenilenilo. Limalukidwa ndi nsungwi, ndipo nsungwi yodulidwa isanakhwime imafumbwa. Pogula, ligogodeni pansi pa simenti. Pakagwa kaufa koyera, kapena mukaona timabowo ngati tobaya ndi singano, lisiyeni, chifukwa tizilombo tili m'kati ndipo tipitiriza kudya ngakhale mutaliveka nsalu yokongola. Onaninso mkombero: ngati luzi lomangira layamba kumasuka, lichero lidzapindika pakati pa gule.

Vuto lachiwiri ndi la Mzuzu mwiniwake. Mzindawu ndi wozizira ndi wachinyezi, mvula imachedwa kusiya, ndipo mawawa amatha kugwa ngakhale mu Juni. Lichero lovekedwa lisanaumitsitse limachita chuku kunsi kwa nsalu, n'kutulutsa madontho akuda ndi fungo lomwe silichoka. Liyanikeni padzuwa mpaka lizimveka kuti gwaa mukaligogoda, lipakeni vanishi wochepa kunja, ndipo zomalizidwa muzipachike m'mwamba, osaziunjika pansi m'mapepala apulasitiki.

Nsalu nayo ichapidwe kaye. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndi mankhwala a kufakitale, chimafupika chikanyowa, ndipo china chimasuluka. Nyowetsani kansonga kake, mutikite pa nsalu yoyera. Ikadetsedwa, dziwani kuti thukuta la m'manja lidzasamutsira utotowo pa diresi ya mkwatibwi. Pomangirira, ambiri amathamangira guluu poti ndi wachangu, koma guluu amadutsa m'nsalu n'kusiya zipsera, kenaka amamatuka kukachita chinyezi. Kusoka ndi singano yaikulu ndi ulusi wolimba, kudutsa m'mipata ya nsungwi kunsi kwa mkombero, kumachedwetsa koma sikumasuka. M'mphepete muzungulize lesi kapena kamzere ka nsalu yopanda maluwa kuti msoko ubisike.

Tizidutswa totsala pakati pa zozungulira zija musataye. Tikalumikizidwa timakhala zogwirira mapoto ndi zokutira chigwiriro cha mthiko ndi chipande, zomwe zikaikidwa m'lichero zimasanduka mphatso yathunthu ya kukhitchini. Mphatso yomweyi imayenda bwino pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, nthawi imene maukwati nawonso achuluka, choncho malichero ake agulidwe ndi kuumitsidwa mu Ogasiti ndi Seputembala, dzuwa likuwala.