Masekondi Awiri Okumbutsa Mlomo Wofiira

Kanema wa TED akangoyamba, ngakhale amene ali kuchipinda china amamuzindikira ndi kanyimbo kake koyambira. Akasuzumira amapeza zilembo zitatu zofiira zomwe zija, ndipo nthawi zambiri wolankhula waima pa kapeti yofiira yozungulira. Olankhula amasintha, nkhani zimasintha, koma chovala cha makanemawo n’chimodzi.

Mayi wojambula makanema a zophikaphika pa foni angachitenso chimodzimodzi. Amakonza chikombole kamodzi kokha mu CapCut: kachiyambi ka masekondi atatu, dzina la chakudya m’munsi chakumanzere, ndi kanyimbo kamodzi. Tsiku lophika futali amakopera chikombolecho n’kusintha dzina ndi zithunzi basi.

Mitundu ndiyo imapusitsa. Diso silisunga kufiira molondola, choncho wosankha mongoyang’ana amapeza kuti kanema wachisanu wafiira mosiyana ndi woyamba. Mankhwala ake ndi kulemba nambala ya mtunduwo, monga #C62828, n’kumaiika yomweyo nthawi zonse.

Zilembo nazo zikhale za mitundu iwiri yokha, ina ya mitu, ina ya mawu a m’munsi. Asanazisankhe, wojambula wa Chichewa aziyesa kaye polemba dzina loti Malaŵi, chifukwa zilembo zina zokongola zilibe ŵ ndipo pamalo pake pamatuluka kabokosi.

Pofuna kudziwa ngati maonekedwe ayamba kusokonekera, amaika zithunzi zapachikuto za makanema khumi pamzere umodzi. Chimene chasemphana ndi zinzake chimaonekera pompo.