Mizere itatu pansi pa chithunzi cha sikelo

Soya akauma m'minda ya ku Mchinji, Kasungu ndi Dowa, cha mu Epulo ndi Meyi, makopaletivi a alimi amamata zidziwitso pa chigayo, pa golosale ndi pa ofesi ya alangizi. Pamwamba pamakhala chithunzi cha matumba ndi sikelo, pansi pake mizere itatu yokha. Tiyerekeze kuti alemba chonchi: "Tatsegula malo atsopano olandirira soya pafupi ndi msika. Tikugula Lachiwiri ndi Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Malipiro ndi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pasanathe masiku atatu."

Masiku awiriwo sanangowatola. Kopaletivi imafuna kuti kalaliki, sikelo ndi kachipangizo koyezera chinyezi zipezeke pamodzi, komanso kuti matumba achuluke msanga lole isanabwere. Mlimi amene wabwereka ngolo n'kufika Lachitatu apeza potseka, koma mwini ngolo ndalama yake aifuna ndithu. Ngakhale pa tsiku loyenera, soya wa chinyezi chopitirira 13 pa 100 ogula ambiri amamubweza chifukwa amachita nkhungu m'thumba. Musananyamuke, lumani njere zingapo. Youma bwino imasweka kuti phwa. Ikamafwafwanika m'mano, yanikaninso.

Mzere wa malipiro ndi umene uyenera kuwerengedwa kawiri. Tinene kuti mayi wina wabweretsa matumba 6 a makilogalamu 50. Atapeta zinyalala ndi timiyala, sikelo yaonetsa makilogalamu 288, osati 300. Mtengo utakhala K1,000 pa kilogalamu, ndalama yake ndi K288,000. Asachoke pamalopo opanda lisiti yolembedwa makilogalamu, mtengo, tsiku ndi nambala ya foni yolandirira, chifukwa uthenga ukachedwa kulowa, umboni wake ndi pepala lomwelo. Aonenso ngati sikeloyo ili ndi chizindikiro choti a Malawi Bureau of Standards anaiyeza.

Nambala ya foniyo ndi ya ndani? Amayi ambiri amalima okha soya, koma pogulitsa amalembetsa nambala ya bambo a kunyumba, ndalama n'kuthera komwe iwo sanafune. Kopaletivi yoganiza bwino imalipira pa nambala ya membala mwini, yogwirizana ndi chiphaso chake cha unzika. Palinso ndalama imene amadula potapa, ndipo ejenti wa kumudzi nthawi zina sakhala ndi K288,000 m'manja tsiku limodzi. Chidziwitso chinene poyera amene alipire ndalama yotapirayo.

Ine ndimaona kuti mawu oti "pasanathe masiku atatu" ndi amene amalimbana ndi mavenda. Venda amalipira pompopompo, ngakhale pamtengo wotsika kuposa umene boma limalengeza chaka ndi chaka. Mlimi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi angapirire masiku atatu ngati akudziwa kuti ndi atatudi. Kopaletivi ikalemba kuti "tidzakulipirani tikagulitsa", osatchula tsiku, Lachisanu likubweralo soya wambiri adzapita kwa venda.