Chikwangwani cha pa chiwonetsero: uthenga usatsike pansi pa bondo

Mukapita ku chiwonetsero cha zamalonda pa bwalo la Chichiri mu mzinda wa Blantyre, tangoyimani pakati pa njira muyang'ane zikwangwani zoimika zimene amalonda amayika pambali pa matebulo awo. Pa zambiri mudzaona dzina la bizinesi pamwamba, chithunzi chokongola pakati, koma nambala ya foni mudzachita kuyifunafuna. Ili pansi penipeni, kuseri kwa makatoni, miyendo ya anthu ndi nsalu ya patebulo. Mwini wake analipira ndalama zambiri kuti asindikize nambalayo, koma palibe akuyiona.

Chikwangwani chimene ndikunena ndi chokulungika chija, chimene osindikiza amachitcha bana. Chimakhala m'kabokosi kachitsulo kotalika kamene kamagona pansi. Mumachikoka m'mwamba n'kuchikoleka pa ndodo ya kumbuyo, ndipo madzulo chimadzikulunga n'kubwerera m'kabokosiko. Chofala kwambiri chimakhala masentimita 85 m'lifupi ndi masentimita 200 m'litali. Mamita awiriwo amaoneka ngati malo ambiri, koma si onse amene maso a munthu amafikako.

Bondo la munthu wamkulu lili pafupifupi masentimita 50 kuchokera pansi, pamene maso ake ali pakati pa masentimita 150 ndi 165. Munthu woyenda m'chigulu amayang'ana kutsogolo, sayang'ana pansi, ndipo sangawerame kuti awerenge malonda a munthu amene sakumudziwa. Choncho gawo lonse la pansi pa bondo muliwerengere ngati lotayika. Ndiponso dziwani kuti bondolo ndi malire oyambira chabe. Tebulo wamba limafika masentimita 75, ndipo mukayalapo katundu limabisa chikwangwani mpaka cha m'ma mita imodzi ngati mwachiimika kumbuyo kwake. Wogulitsa akakhala pampando patsogolo pake, mutu wake umafika cha m'ma masentimita 120.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amalakwitsabe? Cholakwa chimayambira pa kompyuta. Pamenepo chikwangwani chonse chimaoneka nthawi imodzi ngati pepala la kalata, ndipo tinazolowera kuti pa kalata adiresi ndi foni zimakhala kumunsi. Kompyuta sisonyeza tebulo kapena khamu la anthu.

Ndinathandizapo gulu lina la alimi a njuchi limene linkakonzekera chiwonetsero. Anabwera ndi pepala lodzaza: mbiri ya gululo, masomphenya ake, mitundu isanu ndi umodzi ya katundu, mayina a amene anawathandiza, kenako foni kumapeto. Ndinafunsa wapampando wawo kuti, "Amayi, munthu akadutsa pano mothamanga, mukufuna apite akudziwa chiyani?" Anaganiza pang'ono, n'kuyankha kuti, "Adziwe kuti tili ndi uchi weniweni, ndipo atiyimbire." Uthenga wonse wa chikwangwanicho unali womwewo. Zotsalazo tinazisamutsira pa timapepala togawira anthu amene ayima n'kufunsa.

Tinagawa mamita awiri aja kuyambira pamwamba. Masentimita 20 oyambirira tinayikapo chizindikiro ndi dzina la gulu, titasiya kampata ka masentimita asanu kuti kachitsulo kogwira chikwangwani pamwamba kasadye zilembo. Kuchokera pa 180 kutsika mpaka 135 tinalembapo mawu awiri okha, "UCHI WENIWENI". Nambala ya foni inabwera pansi pa mawuwo, pakati pa 135 ndi 115, pa msinkhu wa chifuwa. Chithunzi cha botolo la uchi chinatenga malo otsika mpaka pa 50. Pansi pa bondo panangotsala utoto wachikasu ndi timizere ta chisa cha njuchi, zinthu zoti zikabisika palibe chimene chatayika.

Mawu awiri aja anatiphunzitsa kanthu. Osindikiza amakonda kuwerengera kuti pa mamita atatu alionse amene woona watalikira, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka kuti chiwerengeke mosavutikira. Ndiye kuti munthu amene ali pa mamita 6 amafunika zilembo za masentimita 5, ndipo mutu wa uthenga uyenera kuposa pamenepo kuti ukoke maso. Ife tinafuna zilembo za masentimita 10. Koma mukachotsa masentimita asanu mbali iliyonse, m'lifupi mumatsala 75 okha, ndipo zilembo zazikulu chotere zimakwana khumi kapena khumi ndi chimodzi pa mzere. Mawu a Chichewa ndi aataliatali. Gululo linkafuna mawu akuti "wachilengedwe", amene ali ndi zilembo 13, ndipo sanakwane popanda kuchepetsa zilembo. "Weniweni" ali ndi zilembo 8, ndiye tinayika "UCHI" pa mzere wake, "WENIWENI" pa mzere wachiwiri. Ine ndimaona kuti kusintha mawu kuli bwino kusiyana ndi kufinya zilembo kapena kudula mawu pakati.

Mtundu wa utoto ufune kusamala komweko. Zilembo zakuda pa chikasu kapena zoyera pa buluu wodera zimaoneka patali. Zofiira pa chobiriwira zimasokoneza maso, ndipo mawu olembedwa pamwamba pa chithunzi chodzaza zinthu amamira. Ngati mukuyikapo chizindikiro cha QR, nacho chikhale pa msinkhu wa chifuwa, chachikulu masentimita 12 kapena kuposa, chifukwa chikakhala pansi munthu ayenera kunjuta kuti achijambule ndi foni.

Musanajambule chilichonse, funsani osindikiza kuti chikwangwani chawo chimafuna malo owonjezera angati kumunsi. Gawo lina, nthawi zambiri masentimita 10 kapena 15, limatsala lokulungika m'kabokosi ndipo silituluka. Utoto wa kumbuyo upitirire mpaka m'gawo limenelo kuti pansi pasaoneke mzere woyera, koma musayikemo mawu. Atumizireni ntchitoyo ngati PDF ya muyeso wake weniweni, mitundu ili mu CMYK, chifukwa RGB ya pa kompyuta imawala kuposa mmene inki imatulukira. Zithunzi zikhale za 100 mpaka 150 dpi pa kukula kumene zidzasindikizidwe. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp nthawi zambiri chimakhala chitachepetsedwa, ndipo chikakulitsidwa chimaoneka timabokosi. Mungadziwiretu poyika 100% pa kompyuta n'kuyang'ana m'mphepete mwa botolo kapena nkhope: ngati pali mano-mano, pepala lalikulu lidzawaonetsa kwambiri.

Kuyesa komaliza sikufuna ndalama. Alimi aja tinawayesera pa khoma la ofesi yawo. Tinamata manyuzipepala akale mpaka kukwana masentimita 85 ndi 200, tinalemba mawu ndi nambala pa malo ake ndi cholembera chonenepa, tinakokera tebulo patsogolo n'kuyalapo mabotolo, ndipo mmodzi anakhala pampando. Titabwerera m'mbuyo mapazi asanu ndi atatu, tinaona kuti mpango wa kumutu wa amene anakhalayo ukubisa manambala atatu omaliza. Tinasuntha chikwangwanicho kuti chidzayime pambali pa tebulo, m'mphepete mwa njira, ndipo nambala tinayikweza ndi masentimita 10.

Inunso chitani chimodzimodzi musanapereke ndalama kwa osindikiza. Itanani munthu amene sanaonepo ntchitoyo, adutse osayima, ndipo mumufunse kuti mukugulitsa chiyani komanso ngati wayiona nambala. Akakayika, konzaninso chikwangwanicho chikadali pa nyuzipepala.