Zala ndi maondo zikauma m'mawa kupitilila ola limodzi

Ambili tikamva mfundo zauma podzuka timangoti ndi ukalamba kapena mphepo ya mu Juni. Nthawi zina n'zoona. Koma dokotala adzafunsa kuti kuumako kumatenga nthawi yotani, cifukwa yankho lake limasiyanitsa mitundu iwili ya nyamakazi.

Mtundu woyamba ndi wa kutha kwa mfundo, wofala kwa acikulile. Munthu amauma podzuka, koma pasanathe mphindi 30 amamasuka, ndipo ululu umakula akagwila nchito tsiku lonse.

Mtundu waciwili ndi nyamakazi yotupitsa. Tiyelekezele mayi wa zaka 42 amene amadzuka 5 koloko. Sangathe kufumbata nkhonya, kumanga citenge, kapena kugwada kuti ayatse mbaula. Zala zimayamba kumvela ca m'ma 7 koloko, atasesa ndi kuviika manja m'madzi ofunda. Masana ali bwinoko, n'cifukwa cake a pakhomo nthawi zina amamuyesa waulesi. Si ulesi ayi. Citetezo ca thupi lake cikulimbana ndi kacikopa kamene kamakuta mfundo mkati. Kacikopako kamatupa ndi kutulutsa madzi ambili, ndipo usiku munthu ali gone madziwo amaunjikana. Usikunso ndi pamene mphamvu ya thupi yoletsa kutupa imacepa. Akayamba kuyenda, madzi aja amamwazika pang'onopang'ono. Conco nyamakazi iyi imapepuka ndi kuyenda, imakula ndi kukhala.

Kawilikawili imagwila manja onse awili mofanana, makamaka pamene zala zimayambila ndi pamene dzanja limalumikizana ndi mkono. Malowo amatupa mofewa ndi kufunda, ndipo kupatsana moni wa padzanja kumawawa.

Ngati zapitilila kwa milungu ingapo, pitani ku kiliniki. Musanapite, lembani kwa sabata imodzi nthawi imene mwadzuka ndi imene mfundo zamasuka, ndipo mukaonetse pepalalo. Mwina adzapima magazi, monga ESR ndi CRP zoonetsa kutupa, ndi RF. Magazi angaoneke abwino matenda alipo, motelo kutupa kukapitiliza bwelelaninso.

Kufulumila kuli ndi cifukwa. Kutupa kumadya fupa, ndipo cala cikapindika sicibwelela. Mankhwala oletsa kuonongekaku, monga methotilekiseti, amathandiza kwambili akayambidwa m'miyezi itatu yoyamba. Ameneyu amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, ndipo ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezela. Bulufeni wogula pa kantemba amangoziziliza ululu matenda akupitiliza, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amavulaza cifu ndi impso.

Koma bondo limodzi likatupa mwadzidzidzi, kutentha kwambili, thupi n'kutenthanso, musawelenge masiku. Mwina mwalowa tizilombo, ndipo muyenela kufika kucipatala tsiku lomwelo.